Sananene bajeti, sanafotokozenso ntchito: mmene mungalembere kalata yoyankha

Pafupifupi sabata iliyonse wina amanditumizira chithunzi cha chilengezo cha ntchito pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti, "Achimwene, apapa ndiwauze zingati?" Ine ntchito yanga ndi yomasulira zolemba pakati pa Chingerezi ndi Chichewa, ndipo funsoli ndaliyankha kambirimbiri moti ndaona kuti kuli bwino ndilembe kamodzi, aliyense azidziwerengera. Chilengezo chake chimakhala chotere:

"Tikufuna munthu womasulira zolemba za zaumoyo kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Ntchito ndi yachangu. Tumizani mitengo yanu."

Basi, zathera pomwepo. Sananene kuti zolembazo n'zochuluka bwanji, adzawerenge ndani, changu chakecho ndi cha mawa kapena cha mwezi wamawa, ndipo pa nkhani ya ndalama ali duu. Kalata imene mumalemba poyankha, ija ambiri amati pulopozo, si yofanana ndi kalata yofunsira ntchito ya pamwezi. Simukupempha kuti akulembeni ntchito. Mukuwauza chimene muwachitire, tsiku limene muchimalize, ndi ndalama zake.

Munthu akapita kwa mmisiri n'kunena kuti "ndimangireni nyumba, mutchaja zingati?", mmisiri wodziwa ntchito satchula ndalama za nyumba imene sanaione ngakhale papepala. Komanso samubweza munthuyo chimanjamanja. Amati, "Ikakhala ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, zipangizo zanu, ndalama zake ndi zakuti. Ikakula, tiwonjezera mwakuti." Kalata yanu ichite chimodzimodzi. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha kumasulira chifukwa ndi kumene ndimadziwa, koma wojambula, wolemba malipoti kapena wokonza mawebusaiti angosintha mawu n'kuikapo maola kapena masamba.

1. Yambani mwaona ngati ntchitoyo ndi yoyenera kuiyankha

Anthu osatchula bajeti alipo a mitundu ingapo. Ena sadziwadi mtengo wa ntchito yotere, ndi koyamba kufuna womasulira. Ena ndi a m'mabungwe amene malamulo awo amafuna makoteshoni atatu asanagule chilichonse, ndiye ndalama akuzidziwa koma safuna kukutsogolerani. Ena akungosaka wotchipa kuposa onse. Awiri oyambawo ndi makasitomala abwino, ndipo kalata yomveka imawathandiza kwambiri, chifukwa amaitenga mmene ilili n'kukaionetsa kwa bwana wawo.

Ngati chilengezo chili pa Upwork, webusaiti yopezerapo ntchito zoterezi, onani mbali yolembedwa kuti About the client. Pamenepo pamaoneka ngati njira yawo yolipirira inatsimikizidwa, ndalama zimene analipirapo anthu ena, ndi zimene anthuwo ananena za iwo. Kutumiza pulopozo kumeneko kumadya ma Connects, mapointi amene mumalipirira pulopozo iliyonse, choncho musawamwaze pa chilengezo chilichonse. Ngati chabwera pa gulu la WhatsApp kapena Facebook, fufuzani ngati bungwelo lili ndi ofesi, nambala ndi dzina la munthu woti muzilankhula naye. Akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera, kapena akakutumizirani masamba asanu kuti mumasulire ulere "poyesa", asiyeni. Kuyesa koyenera ndi kandime ka mawu 200 kapena 300.

2. Sankhani mafunso atatu okha, amene amasintha mtengo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pano ambiri amalakwitsa mbali inayo. Amatumiza mafunso khumi ndi awiri opanda mtengo uliwonse, n'kumadikira. Wolandirayo ali ndi makalata ena ambiri, ndipo yanuyo yamupatsa ntchito m'malo momuchepetsera. Amaiika pambali kuti adzaiyankha, osabwereranso.

Funso lililonse muliyese motere: yankho lake likasintha, kodi mtengo kapena masiku anga asintha? Ngati ayi, lisungeni, mudzafunsa ntchito itayamba. Pa kumasulira, mafunso amene amapambana mayeso amenewa ndi atatu.

Loyamba ndi kuchuluka kwa mawu, osati masamba. Tsamba limodzi likhoza kukhala ndi mawu 150 ndi chithunzi chachikulu, lina mawu 600 othinana. Fayilo ya Word imaonetsa yokha chiwerengero cha mawu m'munsi mwa sikirini, choncho kasitomala savutika kukuuzani. Lachiwiri ndi mtundu wa fayilo. Word mumangolemba pamwamba pake, koma PDF yochita kujambulidwa pa makina imafuna kuti mutaipe chilichonse mwatsopano n'kumanganso matebulo. Lachitatu ndi owerenga. Uthenga wa katemera wopita kwa amayi kusikelo sulembedwa ngati buku lophunzitsira alangizi a zaumoyo. Funsaninso dziko, makamaka ngati kasitomala ndi wakunja, chifukwa ambiri amalemba kuti Chichewa kapena Chinyanja osadziwa kuti cha ku Dedza ndi cholankhulidwa mu mzinda wa Lusaka zimasiyana m'mawu ambiri. Akafuna cha ku Lusaka inu musakuchidziwa bwino, nenani poyera.

Tsiku lomalizira musalifunse ngati funso lachinayi. Mulitchule nokha m'kalata, iwo akane ngati silikuwayenera.

3. Dziyankheni nokha mafunsowo mongoyerekeza

Apa ndi pamene kalata yabwino imasiyana ndi zinzake. Musadikire mayankho kuti mutchule mtengo. Jambulani nokha malire a ntchito imene mukuganiza kuti ndi yomwe akufuna, muwalembe poyera, ndipo mtengo wanu ukhale wa ntchito ya m'malire amenewo yokha.

Pa chilengezo chija ndingayerekeze kuti ndi kabuku ka mawu 4,000, kali mu Word, kopita kwa anthu wamba a ku Malawi, ndipo akakawerenga adzabweza ndemanga kamodzi kuti ndikonze. Kodi ndalondola? Mwina ayi, ndipo zilibe kanthu. Anthu amafulumira kukonza cholakwika kusiyana ndi kuyankha funso. Mukafunsa kuti "ntchitoyi ndi yaikulu bwanji?" amati aona kaye. Mukalemba kuti "ndayerekeza mawu 4,000", amayankha tsiku lomwelo kuti "ayi, ndi mabuku awiri", ndiye mwadziwa chimene mumafuna.

Ndinaphunzira zimenezi movutika. Bungwe lina linandifunsa mtengo womasulira "kabuku kathu", ine n'kutchula ndalama imodzi popanda kunena malire. Fayilo itafika inali PDF yojambulidwa, masamba oposa 60, matebulo ali mbwee. Nditamaliza, ndemanga zinabwera katatu kuchokera kwa anthu atatu osiyana, wina akufufuta zimene mnzake anapempha. Ndinagwira milungu itatu pa ndalama ya masiku anayi, ndipo ndinalibe poimira, chifukwa kalata yanga inangoti "kumasulira kabuku". Iwo sanandinamize. Ine ndi amene sindinalembe malire.

4. Kupeza nambala yoti mulembe

Malangizo ambiri amangoti "dziwani kufunika kwanu" n'kudumpha gawo lino, chonsecho ndi pamene anthu amatuluka thukuta. Mantha ake ndi awiri: nditchula zambiri andithawa, nditchula zochepa ndadzipha ndekha. Mantha amenewa amabwera chifukwa mukuyesa kulota ndalama zimene zili m'thumba mwawo. Zimenezo simungazidziwe. Zimene mungadziwe ndi zanu, ndiye yambirani pamenepo.

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, si mitengo ya pamsika. Inu muikepo anu.

Lembani ndalama zimene mumafuna pamwezi kuti mukhale ndi kugwira ntchito: lendi, chakudya, magetsi, bandulo ya intaneti, fizi ya ana, ndi kangachepe kosungira tsiku limene laputopu idzafe. Tinene kuti zakwana K900,000. Tsopano musagawe ndi masiku 22 ogwira ntchito pamwezi, ngati kuti tsiku lililonse mumakhala ndi ntchito yolipidwa. Masiku ena amapita polemba makalata ngati inoyi, polondola malipiro, podikira fayilo, ena magetsi atazima. Ngati mukayang'ana miyezi yapitayi mukuona kuti masiku olipidwa amakhala 12, gawani ndi 12. K900,000 kugawa ndi 12 ndi K75,000. Imeneyo ndiyo ndalama ya tsiku lanu.

Kenaka dziyeseni moona kuti patsiku mumatha mawu angati, kuphatikiza kuwerenganso ndi kukonza. Osati tsiku lija munachezera usiku wonse, koma tsiku wamba. Tinene kuti ndi 1,500. K75,000 kugawa ndi 1,500 ndi K50 pa liwu limodzi. K50 imeneyi si mtengo wolemba m'kalata. Ndi pansi penipeni, pamene mukatsikirapo ndiye kuti mukulipira ndinu kuti mugwire ntchito ya eni.

Pamwamba pake pamafunika malo a zinthu zitatu. Choyamba ndi msonkho. Mabungwe ndi makampani ku Malawi amadula msonkho pa malipiro anu asanakupatseni n'kukapereka ku MRA, ndipo ambiri amafuna TPIN, nambala yanu yolipirira msonkho, pa invoisi. Funsani ku akaunti kwawo kapena ku MRA kuti pa ntchito yanu akudula zingati, komanso mutenge chikalata chosonyeza kuti adula. Ngati ndi pa Upwork, iwonso amadula gawo lawo, ndipo potulutsa ndalama kudzera ku Payoneer, kampani yotumiza ndalama pa intaneti, kapena kubanki pamadukanso zina. Chachiwiri ndi kuvuta kwa nkhaniyo. Zaumoyo zimachedwetsa, chifukwa liwu limodzi lolakwika pa kamwedwe ka mankhwala likhoza kuvulaza munthu, ndipo nthawi zina mumayenera kuimbira namwino kuti mudziwe mmene odwala amatchulira vutolo akafika kuchipatala. Chachitatu ndi kunenerera, poti kwathu kuno mtengo woyamba kawirikawiri sukhala womaliza.

Tiyerekeze kuti akudula K20 pa K100 iliyonse. Mukatchaja K60, m'manja mwanu mufika K48, ndiye mwagwera kale pansi pa K50 ija musanayambe n'komwe kunenerera. Mukatchaja K70, mutsala ndi K56. Choncho ine ndingalembe K70, ndikudziwa mumtima kuti pansi pa K63 sinditsika. Mawu 4,000 pa K70 ndi K280,000.

Chinthu chimodzi chimene omasulira atsopano amaluza nacho ndalama: werengani mawu a Chingerezi amene mwalandira, osati a Chichewa amene mwalemba. Chichewa chimamata tizidutswa tambiri m'liwu limodzi. "Ndidzakupatsani" ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi ndi mawu anayi. Kuwerengera pa fayilo yolandira kumathandizanso kuti nonse mudziwe mtengo ntchito isanayambe, osati itatha.

Tsopano musapereke nambala imodzi yokha. Poti bajeti yawo simukuidziwa, apatseni makwerero awiri kapena atatu kuti adzisankhire poima. Loyamba, kumasulira ndi kukonza kamodzi, K280,000. Lachiwiri, kuwonjezapo womasulira mnzanu woti awerenge zonse ndi maso atsopano, pa K20 liwu lililonse, zonse pamodzi K360,000. Lachitatu, ngati angafune, kukawerengera anthu enieni uthengawo kuti muone ngati akuumva, pa mtengo wa tsiku kuphatikiza thiransipoti. Makwerero amenewa asiyane pa ntchito yogwiridwa, osangoti pa ndalama. Kulemba kuti "pakati pa K200,000 ndi K400,000" popanda kunena chimene chikusiyanitsa n'kulakwitsa, chifukwa kasitomala amangomva K200,000, inu mukuganiza za K400,000, ndipo mkangano wayamba kale.

Pomaliza ikani tsiku limene mtengowo uthere mphamvu. Amene anapereka makoteshoni mu Okutobala 2023 n'kudzalipidwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho akudziwa chifukwa chake. Ine ndimalemba masiku 14. Kwa kasitomala wakunja tchulani mtengo m'madola.

5. Lembani kalatayo, ikhale yaifupi

Mizere iwiri yoyamba ikhale ya ntchito yawo, osati mbiri yanu. Pa Upwork kasitomala amayamba waona kachiyambi kokha ka pulopozo iliyonse pa mndandanda, ndipo pa imelo ya pafoni n'chimodzimodzi. Mukayamba ndi sukulu zimene munaphunzira, malo amenewo apita pachabe. Nayi kalata yonse. Ndailemba m'Chichewa, koma ngati chilengezo chili m'Chingerezi yankhani m'Chingerezi, mafupa ake ndi omwewa.

"Okondedwa Bambo kapena Mayi,

Ndaona chilengezo chanu chofuna womasulira zolemba za zaumoyo kupita m'Chichewa. Ndikhoza kuyamba Lolemba, ndipo kabuku ka mawu 4,000 ndingakabweze pakatha masiku asanu ogwira ntchito.

Ndamasulirapo timapepala ta katemera ndi ta malungo topita kwa anthu a m'midzi. Ndaphatikiza tsamba limodzi kuti muone kalembedwe kanga.

Poti chilengezo sichinatchule kukula kwa ntchito, ndawerengera poyerekeza kuti ndi mawu 4,000 a Chingerezi, mu fayilo ya Word, opita kwa anthu wamba a ku Malawi, ndipo mudzatumiza ndemanga zanu zonse pamodzi kamodzi.

Kumasulira ndi kukonza kamodzi: K280,000, kutanthauza K70 pa liwu.
Kuwonjezapo womasulira wachiwiri wowerenga zonse: K360,000, masiku asanu ndi awiri.
Mitengoyi ndi ya msonkho usanadulidwe. Sikuphatikiza kutaipa zolemba zojambulidwa kapena kuyala mawu pa mapositala.

Kuti ndikupatseni mtengo womaliza, chonde ndiuzeni zitatu izi: mawu onse ndi angati, ali mu fayilo ya mtundu wanji, ndipo adzawerenge ndani? Mukanditumizira fayiloyo ndiwerenga ndekha n'kukuyankhani tsiku lomwelo. Ngati muli kale ndi ndalama imene munaikira ntchitoyi, ndiuzeni, ndikuonetsani zimene zingatheke pa ndalamayo.

Ndimayamba ndikalandira theka la malipiro kapena chikalata cha oda, ndipo zotsala zimaperekedwa pasanathe masiku 14 ntchito itaperekedwa. Mitengoyi ikhala chomwechi kwa masiku 14.

Ine wanu,"

Onani kumene funso la bajeti lakhala. Lili kumapeto, mtengo wanu utatchulidwa kale, ndipo lafunsidwa ngati njira yowathandiza. Mukaliika poyamba lokha, "bajeti yanu ndi zingati?", limamveka ngati mukufuna kudziwa kukula kwa thumba kuti mulikokolole lonse, ndipo ambiri sayankha. Onaninso mzere wa zimene sizikuphatikizidwa. Kuyala mawu pa positala ndi ntchito ina payokha, chifukwa mawu a Chichewa ndi ataliatali ndipo kawirikawiri sakwana m'kabokosi kamene munali Chingerezi. Mukapanda kuutchula mzere umenewu, mudzapezeka mukuchita ulere.

Zoti musalembe: "ndilandira iliyonse imene mungandipatse", "mtengo tikambirana" popanda nambala, ndiponso nkhani za mavuto a kunyumba. Ndikudziwa kuti mwezi ukafika pakati m'thumba muli mbee mawu amenewa amabwera okha, koma amauza kasitomala kuti mtengo aike yekha, ndipo adzaika wotsika. Tsamba lachitsanzo lija likhale loti muli ndi chilolezo choonetsa. Ngati mulibe, masulirani nokha ndime ya chikalata chopezeka poyera.

Pa za theka loyambira: munthu payekha kapena kabizinesi kakang'ono akhoza kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Mabungwe akuluakulu ambiri salipira ntchito isanachitike, ndiye kwa iwo pemphani chikalata cha oda, chija amati LPO, kapena kontirakiti yosainidwa. Pa Upwork musayambe ntchito ya mtengo wokhazikika mpaka milestone yoyamba, kutanthauza gawo loyamba la ntchito, ionetse kuti ndalama zake zaikidwa.

6. Akayankha

Tinene kuti ayankha motere: "Zikomo. Mafayilo ndi awiri, onse mu Word, mawu 9,200. Koma tili ndi K400,000 yokha." Musakhumudwe, kalata yagwira ntchito yake, chifukwa tsopano mukudziwa kukula kwa ntchito ndi bajeti yomwe.

Werengani. Mawu 9,200 pa K70 ndi K644,000. Mukavomera zonse pa K400,000 ndiye kuti liwu lililonse lagwera pa K43 msonkho usanadulidwe, pansi pa malire anu, pa ntchito yoposa masiku asanu ndi limodzi. Ngakhale mutatsikira pa K63, zikwana K579,600, zomwe zikadali kutali ndi ndalama yawo. Ndiye chepetsani ntchito, mtengo wa liwu usiyeni. K400,000 pa K70 ikukwana mawu pafupifupi 5,700. Tsegulani mafayilowo muone zimene owerenga Chichewa akufunikadi. Kawirikawiri mumapezeka mawu otsogolera a mkulu wa bungwe, mndandanda wa mabuku, zothokoza opereka thandizo ndi ndime zobwerezedwa m'mafayilo onse awiri. Alembereni kuti, "Pa K400,000 ndingamasulire mitu yakutiyakuti, mawu 5,700. Zotsalazo zikhoza kudikira, kapena tichite gawo lachiwiri ndalama zikapezeka." Akaumirira kuti akufuna zonse pa ndalama yomweyo, athokozeni mwaulemu, muwauze kuti simungakwanitse pa mtengo umenewo, khomo n'kulisiya lotsegula.

Akati akufuna ntchitoyo m'masiku awiri m'malo mwa asanu, ndiye kuti mugwira usiku kapena mugawana ndi mnzanu, choncho onjezani mtengo ndipo munene chifukwa chake. Ine ndimaonjeza gawo limodzi mwa magawo anayi, K280,000 ija n'kukhala K350,000.

Mukagwirizana pafoni, musayambe ntchito musanalembe uthenga wobwereza zonse: chiwerengero cha mawu, mtengo, tsiku lobweza, kukonza kangati, ndi dzina la amene adzasonkhanitse ndemanga. Apempheni ayankhe kuti avomera. Akakhala chete kalata yoyamba ija itapita, dikirani masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito, kenaka tumizani mizere iwiri yowakumbutsa kuti mtengo uthera pa tsiku lakuti ndipo fayilo mukhoza kuiwerenga ulere. Kumbutsani kamodzi kokha, tsiku lija likadutsa muchotse pa kalendala yanu masiku amene munasungira ntchitoyo kuti mulandire ntchito ina.